Chinenero chamanja: poyambira pake, ndi pamene mayankho olembedwa amathera mphamvu

Mwa ana 100 alionse osamva, oposa 90 amabadwira m'mabanja a makolo akumva, ndipo zimenezi zikutanthauza kuti anthu amene amafunika kuphunzira chinenero chamanja mwamsanga kawirikawiri si aphunzitsi kapena omasulira, koma mayi wa ku Bangwe amene mwana wake wasiya kumva atadwala malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi, wogulitsa pa okala ku Ndirande amene ali ndi kasitomala wosamva, ndiponso mkulu wa mpingo ku Chilomoni amene waona kuti mkhristu wina amangokhala kumbuyo osatolapo kanthu pa ulaliki. Anthu oterewa akafuna thandizo, chimene chili pafupi ndi foni, choncho amafunsa pa WhatsApp kuti chizindikiro cha madzi, cha njala kapena cha moni chimapangidwa bwanji, ndipo wina amawayankha polemba kuti akunge dzanja motere ndi kuliyendetsa motere. Yankho lotere lili ndi ntchito yake, koma malire ake ali pafupi kwambiri kuposa mmene ofunsa ndi oyankha omwe amaganizira.

Chinenero Chamanja cha ku Malawi si Chichewa chonenedwa ndi manja, komanso si Chingerezi chonenedwa ndi manja. Ndi chinenero choima pachokha, chokhala ndi mawu ake, amene pano akutchedwa zizindikiro, ndi malamulo ake a kasanjidwe ka chiganizo. Palibenso chinenero chamanja chimodzi cha dziko lonse lapansi: anthu osamva a ku Britain ndi a ku America, ngakhale kuti onse amawerenga Chingerezi, ali ndi zinenero zamanja zosiyana kotheratu, moti woyamba kumene amene akutsatira mavidiyo a pa YouTube osafunsa kumene achokera amatha miyezi akuloweza zizindikiro za ku America, n'kudzadabwa kuti mnyamata wosamva wa ku Zingwangwa akuzindikirapo zina zokha. Chinenerochi chiyeneranso kusiyanitsidwa ndi zizindikiro za pakhomo, zomwe ndi zija banja limapanga lokha pofuna kumvana ndi mwana pa nkhani ya kudya, kusamba ndi kugona. Zimenezo n'zothandiza ndipo palibe chifukwa chozinyozera, koma zimathera pa mpanda wa nyumbayo, ndipo sizingafotokoze zimene zinachitika dzana kapena chifukwa chimene mwana akukanira kupita kusukulu.

Mbiri ya maphunziro a anthu osamva imathandiza kumvetsa chifukwa chake chinenerochi chinachedwa kulowa m'mabuku. Pa msonkhano wa aphunzitsi umene unachitikira mumzinda wa Milan ku Italy m'chaka cha 1880, anagwirizana kuti ana osamva aziphunzitsidwa kulankhula ndi kuwerenga milomo, osati kugwiritsa ntchito manja, ndipo maganizo amenewa analamulira sukulu zambiri kwa zaka pafupifupi 100. Sukulu ya Maryview ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, imene abulazala a Chikatolika a chipani cha FIC anayambitsa zaka zoposa 50 zapitazo, inayamba ndi njira yomweyo ya milomo. Koma kulikonse kumene ana osamva asonkhana amayamba kulankhulana ndi manja m'magowelo ndi pabwalo, ndipo ndi mmene zizindikiro zinafalikira ku Maryview, ku Mountain View ku Bvumbwe, ku Mua m'boma la Dedza ndi ku Embangweni m'boma la Mzimba. Zotsatira zake n'zakuti chinthu chimodzi chimatha kukhala ndi zizindikiro ziwiri kapena zitatu malinga ndi sukulu imene munthu anaphunzirako. Bungwe la anthu osamva la MANAD, mothandizidwa ndi bungwe linzake la ku Finland, linasonkhanitsa zizindikiro n'kutulutsa mtanthauziramawu wa chinenerochi, ndipo buku limenelo ndi lodalirika kuposa uthenga uliwonse wa pafoni, ngakhale kuti nalonso limasonyeza dzanja litaima pachithunzi pamene chizindikiro chenicheni chimayenda.

Zigawo za chizindikiro

M'chaka cha 1960, William Stokoe, yemwe ankaphunzitsa pa koleji ya anthu osamva ya Gallaudet ku Washington, anasonyeza kuti chizindikiro chilichonse chimapangidwa ndi zigawo zimene zingathe kupatulidwa, monga mmene liwu lolankhulidwa limapangidwira ndi timaphokoso tosiyanasiyana. Iye anatchula zitatu: kaumbidwe ka dzanja, kutanthauza zala zimene zatambasulidwa ndi zimene zapindidwa, malo amene dzanja lili, kaya pamphumi, pachibwano, pachifuwa kapena m'malere patsogolo pa thupi, ndi kayendedwe kake. Akatswiri otsatira anawonjezera kumene chikhatho chaloza, komanso zimene nkhope, mutu ndi mapewa zikuchita pa nthawi yomweyo. Chigawo chimodzi chokha chikasintha, tanthauzo limatha kusinthiratu. M'chinenero chamanja cha ku America, chimene chinafufuzidwa kwambiri kuposa zinzake, dzanja lotambasula zala zonse likagunda pamphumi ndi chala chachikulu limatanthauza bambo, pamene dzanja lomwelo likagunda pachibwano limatanthauza mayi. Ndipo zala ziwiri zikatsikira kamodzi pa zala ziwiri za dzanja linalo zimatanthauza kukhala pansi, koma zikagunda kawiri mofupikitsa zimatanthauza mpando.

Apa ndi pamene vuto la yankho lolembedwa limaonekera. Zigawo zisanu zija zimachitika nthawi imodzi, m'kanthawi kosakwana sekondi, pamene kulemba kumandandalika zinthu chimodzi pambuyo pa chinzake. Wolemba amatha kufotokoza bwino malo, chifukwa mphumi ndi chibwano aliyense amazidziwa, ndipo amayesako kufotokoza kaumbidwe ka dzanja ngati ali wodekha. Koma akafika pa kayendedwe amangoti "gwedezani dzanja", osanena ngati likugwedezeka kuchokera pamfundo ya dzanja kapena pachigongono, ngati likupita patali kapena pafupi, mofulumira kapena pang'onopang'ono, kamodzi kapena kawiri. Za nkhope ndiye nthawi zambiri salembako n'komwe, popeza akumva ambiri amayesa kuti nkhope imangokometsera, osadziwa kuti imanyamula gawo lalikulu la malamulo a chinenerocho. Palinso msampha wa mbali: uthenga ukati dzanja lipite kumanja, woŵerenga sadziwa ngati ndi kumanja kwa wopanga chizindikiro kapena kwa woonerera. Lamulo lenileni ndi lakuti munthu amasankha dzanja limene amalembera kuti likhale lotsogolera, ndipo salisintha. Wamanzere amatsogoza lamanzere popanda vuto lililonse, koma wosinthasintha manja amasokoneza womuyang'ana.

Poyambira

Phunziro loyamba silikhudza manja, limakhudza maso. Wophunzira amayenera kuzolowera kuyang'ana nkhope ya mnzake nthawi yonse imene akulankhulana, manjawo n'kumawaona cham'mbali mwa diso, ndipo zimenezi zimavuta kwa anthu amene anakula akuuzidwa kuti kupenyetsetsa wamkulu m'maso ndi chipongwe. Pakati pa anthu osamva chipongwe ndi kuyang'ana kumbali wina akulankhula, chifukwa n'chimodzimodzi kutseka makutu. Poitana munthu wosamva, amamugwira pang'ono paphewa kapena kukupiza dzanja pamene maso ake angaone. Kumugenda ndi kamwala kapena kumukoka malaya n'kosaloledwa. Kuwala kuyenera kugwera pankhope ya wolankhula, osati kuchokera kumbuyo kwake, moti woima pakhomo masana dzuwa lili kumsana amaoneka ngati chithunzithunzi chabe, ndipo magetsi akazima madzulo, kandulo kapena tochi ya foni iyenera kuikidwa pakati pa anthu awiriwo, osati pakona pa chipinda. Malangizo onsewa angathe kulembedwa mu uthenga ndipo woŵerenga angawatsate osalakwitsa, zomwe zikusonyeza kale mtundu wa zinthu zimene kulemba kumakwanitsa.

Chachiwiri ndi kalembedwe ka zala, komwe ndi kusonyeza zilembo za alifabeti chimodzichimodzi ndi dzanja. M'Malawi amagwiritsa ntchito dzanja limodzi, ndipo zilembo zambiri zimafanana ndi za ku America, osati za ku Britain zimene zimafuna manja awiri. Dzanja limaima cha papheŵa, chigongono chili pafupi ndi nthiti, chikhatho chitaloza kwa woŵerenga pa zilembo zambiri, ndipo silidumphadumpha pa chilembo chilichonse, chifukwa kudumphako kumalepheretsa maso kutsatira zala. Dzina la Machinjiri ndi loyeserera labwino, popeza zilembo zake 10 zili ndi misampha ingapo. M ndi N zimafanana kwambiri, kusiyana kwake n'kwakuti pa M zala zitatu zimaphimba chala chachikulu pamene pa N zimaphimba ziwiri; A ndi chibakera chimene chala chachikulu chatsamira pambali, ndipo chala chimenechi chikapingasa kutsogolo kwa zinzake chilembo chimasanduka S; I ndi kachala kakang'ono koimirira kokha, pamene J ndi kachala komweko kakujambula ngowe m'malere, kotero kuti pakati pa dzinalo, pamene J yatsatizana ndi I, wophunzira amene sakumaliza bwino ngoweyo amaoneka ngati walemba I kawiri. Zingwangwa imayamba ndi chilembo china choyenda, Z, chimene chala cha mkombaphala chimajambula, ndipo Chilomoni imaphunzitsa kusiyanitsa C, yomwe ndi dzanja lopindika losatseka, ndi O, pamene nsonga za zala zakumana.

Alifabeti yonse ingalowezedwe m'masiku owerengeka, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri amanyengeka nayo. Kalembedwe ka zala ntchito yake ndi mayina a anthu, a malo ndi mawu amene alibe chizindikiro chodziwika. Wolemba chiganizo chonse ndi zala sakulankhula chinenero chamanja, akungolemba Chichewa kapena Chingerezi m'malere, ndipo mwana amene sanayambe sukulu sangatolepo kanthu. Kuŵerenga zala za wina kumavutanso kwambiri kuposa kulemba ndi zako, ndipo luso limeneli silingakule popanda munthu wina woti azilemba wophunzira akuŵerenga. Ngakhale dzina la munthu silikhala m'zilembo mpaka kalekale, chifukwa akazoloŵerana naye, anthu osamva amamupatsa dzina la chizindikiro, lochokera pa maonekedwe kapena khalidwe lake, monga chipsera, mpata wa mano kapena kavalidwe, ndipo mwambo wake ndi wakuti dzinalo amapatsidwa, sadzipatsa yekha.

Zizindikiro zenizeni ziyenera kuyamba ndi zimene wophunzirayo adzagwiritse ntchito tsiku lomwelo. Kwa mayi wa mwana wamng'ono ndi madzi, nsima, chimbudzi, kupweteka, kutentha, ayi ndi basi; kwa wa pa okala ndi manambala, ndalama, chenji, shuga, sopo, mafuta ndi ngongole. Zizindikiro zisanu mpaka khumi pa sabata, zogwiritsidwa ntchito m'ziganizo zenizeni, zimakhazikika bwino kuposa mndandanda wautali wa mitundu ya nyama zimene palibe adzazitchule.

Chiganizo chimodzi cha pa okala

Wogulitsa wa pamsika wa Ndirande angafune kufunsa kasitomala wake wosamva kuti, "Kodi ndakupatsani chenji?" Akafunsa pafoni, wodziwa angamuyankhe m'njira imene aphunzitsi a zinenero zamanja amalembera, yomwe ndi kuika liwu la zilembo zazikulu m'malo mwa chizindikiro chilichonse motsatira dongosolo la manja, mwachitsanzo CHENJI INE-PATSA-IWE KALE. Kalembedwe aka kali ndi phindu lake: kakusonyeza kuti chinthu chimene chikukambidwa chimatha kuyamba, kuti liwu lakuti "kodi" silifuna chizindikiro chakechake, ndiponso kuti nthawi ya zochitika imasonyezedwa ndi chizindikiro chapadera, osati posintha mneni monga Chichewa chimachitira.

Zimene mzere umenewu sunganyamule ndi zomwe zimasankha ngati awiriwo amvana. Choyamba, monga zilili m'zinenero zamanja zambiri, mneni wa kupatsa amayenda kuchokera kwa wopereka kupita kwa wolandira, choncho dzanja likachoka pachifuwa cha wogulitsa kupita kwa kasitomala, ndiye kuti wogulitsa ndi amene wapereka, koma likayenda mobwerera, tanthauzo limakhala lakuti kasitomalayo ndiye apereke. Wophunzira amene analoweza chizindikirocho ngati chinthu chouma angathe kuitanitsa ndalama kwa munthu amene akufuna kumubwezera. Chachiwiri, chimene chimasandutsa chiganizochi kukhala funso ndi nkhope: pa funso loyankhidwa kuti inde kapena ayi, nsidze zimakwera, maso amatseguka, mutu umaweramira pang'ono kutsogolo, ndipo chizindikiro chomaliza chimaimitsidwa kudikira yankho. Nkhope ikangokhala duu, zizindikiro zomwezo zimanena motsimikiza kuti chenji yaperekedwa kale, ndipo kasitomala amene sanalandire kanthu amachoka akuona kuti waberedwa. Mutu ukapukusidwa pamene manja akuyenda, chiganizo chonse chimasanduka kukana. Matanthauzo atatu osiyana amatuluka pa mzere umodzi wolembedwa, ndipo woŵerenga uthenga sangadziwe limene thupi lake latulutsa.

Kusadziwa kumeneku ndiko malire aakulu kuposa onse. Wophunzira Chingerezi amamva mawu ake omwe n'kuwayerekeza ndi a pawailesi, pamene wophunzira chinenero chamanja sadziona nkhope, ndipo manja ake amawaona chakumbuyo. Cholakwa chikabwerezedwa kwa masabata angapo popanda wochikonza chimakhazikika m'minofu, ndipo kuchichotsa kumatenga nthawi yaitali kuposa kuphunzira chizindikiro chatsopano. Pali zinthu zimene zimasonyeza kuti zalakwika, ndipo wophunzira ayenera kuzitchera maso. Munthu wosamva akabwereza chizindikiro chomwecho mosintha pang'ono, akukonza mwaulemu, ndipo chofunika ndi kutengera mmene wachitira iyeyo. Akatulutsa foni kapena pepala, ndiye kuti manja alephera. Akangogwedeza mutu n'kumwetulira, zimenezo si umboni wa kumvana, chifukwa anthu osamva ambiri anazoloŵera kuvomera kuti nkhani ithe. Mayeso odalirika ndi kufunsa funso losayankhidwa ndi inde, monga lakuti zingati kapena kuti, n'kuona ngati yankho likugwirizana ndi funsolo.

Akatswiri anayesa kupanga njira zolembera zizindikiro mokwanira. Stokoe anali ndi yake, Valerie Sutton anayambitsa ina yotchedwa SignWriting m'chaka cha 1974, yomwe imajambula dzanja, nkhope ndi mivi ya kayendedwe, ndipo pa yunivesite ya Hamburg ku Germany anapanga ina yofufuzira. Zonsezi zimafuna kuphunziridwa pazokha, sizilembeka ndi mabatani wamba a foni, ndipo zimathandiza amene akudziwa kale chinenerocho kusiyana ndi woyamba kumene.

Zimene foni ingachite

Foni yomweyo imene imalephera polemba imathandiza kwambiri ikagwiritsidwa ntchito pojambula. Kavidiyo ka masekondi 10 kamanyamula zigawo zisanu zonse za chizindikiro, sikadya bandulo yambiri, ndipo kangaonedwe mobwerezabwereza ngakhale netiweki itavuta. Foni iyenera kutsamiritsidwa pa chinthu kuti manja onse akhale omasuka, chithunzi chiyambire pamwamba pa mutu mpaka pamchombo, kuwala kuchokere kutsogolo, ndipo malaya akhale a mtundu umodzi, chifukwa zala zimasoŵa pa chitenje cha maluŵa. Chofunika koposa n'chakuti vidiyo iyende mbali zonse ziwiri: wophunzira aone chizindikiro, adzijambule akuchipanga, atumize kwa munthu wosamva wodziwa chinenerocho, ndipo iyeyo abweze kavidiyo kokonza. Omasulira amene amaoneka pakona pa kanema pa nthawi ya nkhani za MBC amathandiza kuzoloŵeretsa maso liŵiro lenileni la chinenerocho, ngakhale kuti woyamba kumene amangotolapo chizindikiro chimodzi apa ndi apo, ndipo a Mboni za Yehova ali ndi mavidiyo ambiri m'Chinenero Chamanja cha ku Malawi, amene nkhani zake ndi zachipembedzo chawo.

Pali chiyeso china choti m'malo movutika ndi manja, munthu azingolemberana ndi wosamvayo kapena kumulankhula pang'onopang'ono kuti aŵerenge milomo. Pa zinthu zazifupi, monga mtengo wa katundu kapena nthawi ya msonkhano, kulemberana kumagwira ntchito. Koma kwa munthu amene anabadwa wosamva, Chichewa cholembedwa ndi chinenero chachiwiri chimene sanachimvepo, ndipo ena amene anapita kusukulu amalemba Chingerezi momasuka kuposa Chichewa, kotero ndi bwino kufunsa kaye chimene akufuna. Milomo nayo imanamiza, chifukwa p, b ndi m zimaoneka zofanana pakamwa, moti phala, bala ndi mbala n'zovuta kuzisiyanitsa ndi maso, ndipo kukweza mawu kumangopotoza milomo osawonjezera kanthu. Pa nkhani za kuchipatala, kupolisi ndi kukhoti, wophunzira wa miyezi ingapo sayenera kudziika pa malo a womasulira, ngakhale atapemphedwa, chifukwa kulakwitsa mbali imene mneni akuloza kungasinthe wolakwa ndi wolakwiridwa.

Kwa makolo nthawi ndi imene imathina. Ubongo wa mwana umatola chinenero mosavuta m'zaka zoyambirira za moyo, ndipo mwana amene wafika zaka zoyambira sukulu alibe chinenero chilichonse chokwanira amavutika kuŵerenga ndi kulemba pambuyo pake, osati chifukwa cha kusamvako koma chifukwa cha kuchedwako. Pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene anthu a mu Blantyre amangoti ku Gulupu, pali gawo loyeza makutu, ndipo mwana wokayikitsa ayenera kupita kumeneko msanga. Koma kuyembekeza zotsatira kapena kachipangizo kothandiza kumva si chifukwa chochedwetsera manja, popeza kafukufuku sasonyeza kuti chinenero chamanja chimalepheretsa mwana kuphunzira kulankhula. Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali m'chaka cha 2009, ndipo panganolo limatchula zinenero zamanja kuti ndi zinenero monga zina zonse, komanso kuyambira 2018 tsiku la 23 Seputembala limakumbukiridwa ngati la zinenero zamanja pa dziko lonse. Zochitika za m'sabata ya tsiku limeneli ndi mpata wabwino wokumana ndi anthu osamva ambiri pamalo amodzi.

Uthenga wolembedwa ungauze munthu poyambira, ungamuphunzitse ulemu wake, ungamuchenjeze za misampha ndi kumukumbutsa chizindikiro chimene anachiona kale ndi maso, koma sungamuphunzitse chizindikiro chatsopano molondola ndipo sungamukonze. Amene akufuna kuyamba afunse ku MANAD, ku koleji ya Montfort ku Nguludi imene imaphunzitsa aphunzitsi a ana ofunika maphunziro apadera, kapena ku mpingo wa m'dera lake umene uli ndi womasulira, kuti amulumikize ndi munthu wosamva wodziwa bwino chinenerochi, azikumana naye kamodzi pa sabata, ndipo azimulipira monga mmene angalipirire mphunzitsi wina aliyense wa padera.